Sabata Yathunthu ndi Chikwama cha M'manja Chokha: Mafunso ndi Mayankho

Ambiri amene amandifunsa za nkhaniyi amakhala atatumidwa ndi akuntchito ku msonkhano kapena ku maphunziro a sabata imodzi, ndipo safuna zoyima pamzere kudikira sutikesi kapena kukafika okha katundu atatsalira m'njira. Kuti tisamangolankhula zamumlengalenga, mayankho onse ndawamanga pa ulendo umodzi: kunyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe Lamlungu, kupita ku Johannesburg, n'kubwerera Lamlungu linalo, mwezi wa Juni. Ndasankha Juni dala chifukwa ndi nthawi yozizira, ndipo zovala za nthawi yozizira ndi zimene zimalemera.

Kodi chikwama cholowa nacho mu ndege chimaloledwa kukula ndi kulemera bwanji?

Makampani ambiri a ndege kuno kwathu amalola makilogalamu 7, ena 8. Kukula kwake kumakhala pafupifupi masentimita 55 m'litali, 35 mpaka 40 m'lifupi, ndi 23 kunenepa kwake, kuwerengera mateyala ndi chogwirira chomwe. Ambiri amalolanso kachikwama kena kakang'ono kolowa pansi pa mpando, monga ka laputopu kapena ka amayi ka m'manja, koma ena amayeza zikwama ziwirizo pamodzi. Malamulo enieni ali pa tikiti yanu kapena pa tsamba la kampaniyo, ndiye awerengeni musanayambe kulongedza. Safunsa anadya phula. Ngati ulendo wanu uli ndi ndege za makampani awiri, tsatirani malire a kampani yolola zochepa.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: malo m'chikwama satha msanga ayi, chimene chimatha ndi makilogalamu. Chikwama cha masentimita 55 chikhoza kumeza katundu wa makilogalamu 12 zipi n'kutsekeka bwinobwino. N'chifukwa chake kupinda zovala mwaluso kapena kuzifinya m'timatumba sikuthetsa vuto. Woweruza ndi sikelo.

Nditenge sutikesi ya mateyala kapena chikwama chobereka kumsana?

Kwezani chikwamacho pa sikelo chili chopanda kanthu, yankho muliona nokha. Sutikesi yaing'ono ya mateyala imalemera makilogalamu 2.5 kapena 3 musanaikemo n'komwe mpango. Pa makilogalamu 7 aja mwatsala ndi 4 okha. Chikwama chobereka chansalu sichifika kilogalamu imodzi, ndiye mumatsala ndi 6. Kusiyana kumeneku ndi laputopu ndi chaja chake.

Ine ndimabereka. Koma amene ali ndi vuto la msana kapena la mawondo atenge ya mateyala, chifukwa pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg pali mtunda kuchokera potsikira ndege kukafika kodindira mapasipoti. Angodziwa kuti pa mndandanda uli m'munsimu achotsapo zinthu zina, kapena laputopu ailowetse m'kachikwama kachiwiri kaja ngati kampani ikulola.

Masiku ndi 7. Zovala za masiku onsewo zikwana bwanji pa makilogalamu amenewa?

Sizikwana, ndipo musayese n'komwe. Longedzani za masiku anayi, mukachape Lachitatu madzulo. Munthu akavomera kuchapa kamodzi kapena kawiri pa ulendo, nkhani yonse ya chikwama imaphweka. Akakana, palibe luso lina limene lingamuthandize.

Yambani ndi kulemba papepala zimene muzikachita tsiku lililonse, osati zimene muli nazo mu wadiropu. Pa ulendo wathu uja muli masiku awiri a m'ndege, masiku asanu a m'holo ya msonkhano, chakudya chamadzulo chimodzi chofuna kutchena, ndi Loweruka loyenda m'tauni. Chovala chilichonse cholowa m'chikwama chikhale ndi tsiku lake papepalapo. Chopanda tsiku chibwerere mu wadiropu.

Chikwama changa chimakhala motere, ndipo manambalawa ndi a pa sikelo ya kukhitchini, anu asiyanako pang'ono. Chikwama chenichenicho magalamu 900. Laputopu ndi chaja 1,800. Thalauza imodzi 450. Malaya atatu a kolala 600. Matisheti awiri 300. Zovala zamkati zinayi ndi masokosi mapeya anayi 400. Juzi yopyapyala 350. Thirakisuti yogonera 350. Chitenje 250. Masilipasi 200. Zosambira ndi zodzola 450. Pawabanki, adaputa ndi zingwe 500. Mankhwala ndi mapepala 150. Mukaphatikiza zikukwana magalamu 6,700.

Mwina mwaona kuti jekete, nsapato ndi thalauza yachiwiri palibe. Zimenezo zili m'thupi tsiku la ulendo, pamodzi ndi malaya achinayi. Choncho ndili ndi mathalauza awiri ndi malaya anayi, ndipo m'nyengo yozizira, pamene munthu satuluka thukuta kwambiri, thalauza imodzi imavalika masiku atatu osada.

Kuti zovala zochepa zioneke ngati zambiri, mitundu igwirizane. Mathalauza akhale akuda, otuwa kapena abuluu wodera, kuti malaya alionse akhale nawo bwino. Kwa amayi nzeru yake ndi yomweyo: siketi imodzi, thalauza imodzi, mabulauzi anayi, ndi diresi imodzi ya chakudya chamadzulo chija. Malaya okongola amene amangoyenera thalauza imodzi yokha amakokera thalauzayo m'chikwama, thalauzayo n'kukokanso nsapato zake. Umu ndi mmene chikwama chimafikira makilogalamu 10.

Chitenje musachisiye, abambo omwe. Chimakhala chofunda mu ndege, chopukutira ngati kogona kulibe thaulo, chomangira zovala zakuda pobwerera, ndipo kwa amayi chimakhala sikafu ndi duku. Thaulo lalikulu limalemera kuwirikiza kawiri ndipo limachedwa kuuma.

Ndikachapa ku hotela, ziuma ndi kuzizira kwa Juni?

Ziuma. Johannesburg ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mvula yake imagwa m'miyezi yotentha, osati yozizira. Mu Juni mpweya umakhala wouma gwa, moti milomo imang'aluka. Mpweya womwewo ndi umene umaumitsa zovala ngakhale kukuzizira.

Chapani m'sinki ndi kasopo kamtanda, tsukuluzani, finyani. Kenako yalani thaulo la hotela, ikani chovalacho pamwamba, kulungani zonse ngati mphasa, n'kupondapo ndi mapazi. Thaulo limamwa madzi ambiri amene manja alephera kufinya. Pachikani pa hang'ala pamalo opita mphepo, osati m'bafa lotseka. Zamkati ndi malaya opyapyala mukachapa cha m'ma 7 koloko madzulo, mawa lake madzulo zimakhala zauma, zina ngakhale m'mawa. Masokosi okhuthala apatseni masiku awiri. Jinzi musaichape pa ulendo, siuma msanga. Ndipo musayanike chovala pa hita yamagetsi, mungayatse moto.

Nanga kuzizira? Ndauzidwa kuti nditenge jekete ziwiri ndi bulangete.

Kuzizira kwa kumeneko n'kwa m'mawa ndi usiku. M'mamawa kumatsika kufika pa madigiri 4 kapena kucheperapo, pena chisanu chimayera pa kapinga, koma masana kukawala dzuwa kumafika cha m'ma 16 kapena 17. Amene anakhalako ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni ali ndi chithunzi chake, angowonjezerapo pang'ono.

Kuzizira kotere sikufuna chijasi chimodzi cholemera, kumafuna zovala zosanjikiza. Tisheti mkati, malaya, juzi, jekete pamwamba. M'mawa mwavala zonse, pofika 11 koloko mwavula jekete, masana juzi ili pa mpando. Jekete ikhale imodzi, yoti mukhoza kulowa nayo mu msonkhano osachita manyazi, ndipo muivale pokwera ndege. Ku Lilongwe masana mudzamva kutentha pang'ono, koma ulendo wake ndi wa maola awiri ndi theka basi, ndipo mukakhala pampando mumaivula. Jekete yovala sakuyezani. Kachipewa kaubweya mulowetse m'thumba mwake. Bulangete siyani, n'kosatheka.

Nsapato zingati?

Peya imodzi kumapazi, ndi masilipasi m'chikwama. Peya yachiwiri ya abambo imalemera pafupifupi kilogalamu. Sankhani zachikopa zakuda zimene munaziyendera kale mpaka kufewa, zoti mungalowe nazo mu holo komanso kuyenda nazo mtunda. Zatsopano zogula dzulo zimabala matuza pofika Lachiwiri. Amayi akafuna zotchenera, zafulati zopyapyala zimalowa popanda vuto. Zagogoda zovala usiku umodzi wokha ine ndingasiye.

Mafuta odzola, mankhwala otsukira mano ndi pefyumu, n'zoona kuti amalanda?

N'zoona, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya zinthu zawo. Lamuloli linayamba mu 2006, apolisi a ku Britain atatulukira chiwembu chofuna kuphulitsa ndege ndi mabomba opangidwa ndi zinthu zamadzimadzi. Kuchokera nthawi imeneyo, pa maulendo opita kunja kwa dziko, chamadzimadzi chilichonse cholowa nacho mu ndege chiyenera kukhala m'botolo losapitirira mamililita 100, ndipo timabotolo tonse tikwane m'kajumbo kamodzi koonekera mkati, kotseka kukamwa, ka lita imodzi. Mabwalo ena a ku Ulaya ayamba kufewetsa lamuloli chifukwa cha makina atsopano, koma inu longedzani ngati lilipo kulikonse.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakola anthu. Choyamba, amaona kukula kwa botolo, osati zimene zatsalamo. Botolo lolembedwa 400 ml, ngakhale mafuta atatsala pansi penipeni, limatsala pa geti. Zinandichitikira pa ulendo wanga woyamba, ndipo mafutawo anali atsopano, ogula dzulo lake. Ndinayesa kudandaula, koma wachitetezo uja analibe mphamvu yosintha lamulo. Chachiwiri, mawu akuti zamadzimadzi akutanthauza chilichonse chothira, chopaka kapena chopopera: mafuta a m'mutu, vaselini, gilisalini, mankhwala otsukira mano, zopopera m'khwapa, ngakhale chiponde ndi uchi.

Njira yake ndi kugawira m'timabotolo ting'onoting'ono totsuka bwino. Pa sabata imodzi, mamililita 100 a mafuta odzola amakwana munthu mmodzi, ndipo kachitini kakang'ono ka vaselini kamathandiza milomo ndi zidendene pa mpweya wouma uja. Sopo wamtanda sawerengedwa, ndiye duleni theka, akhale wosambira, ndi kachidutswa kena kochapira. Zinthu zikakutherani, masitolo ku Joni ali paliponse.

Zakuthwa nazo zili ndi lamulo lake. Malezala osamangirira, mipeni ndi sizasi zazikulu sizilowa. Shevala ya pulasitiki yotaya ikatha ntchito imalowa. Botolo la madzi akumwa lidutse pa makina lili lopanda kanthu, mukathire madzi mkati.

Ndimamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Ndichite bwanji?

Awa ndiye oyamba kulowa, ndipo sachoka ngakhale sikelo inene zotani. Kaya ndi a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a mphumu kapena ma ARV, tengani a masiku 10, osati 7, chifukwa ndege zimasintha masiku. Akhale m'mabotolo kapena m'mapaketi ake olembedwa dzina la mankhwalawo, osati osakaniza m'kajumbo, ndipo tengani buku la kuchipatala kapena kalata ya adokotala. Mankhwala amadzi, insulini ndi majakisoni ake amaloledwa ngakhale atapitirira mamililita 100, bola muwatulutse n'kuwaonetsa kwa achitetezo pamodzi ndi kalatayo. Aikeni m'thumba la jekete kapena m'kachikwama kakang'ono. Chifukwa chake muchiona pa funso la ndege yaing'ono.

Pawabanki yanga yaikulu ija ilowa?

Pawabanki ndi mabatire apadera amayenda m'chikwama cha m'manja chokha, saloledwa m'katundu wa pansi pa ndege, chifukwa batire yotere ikayamba kuyaka pamafunika munthu woiona msanga. Malire ake ndi 100 Wh, ndipo Wh ndi muyezo wa mphamvu imene batire imasunga. Pakati pa 100 ndi 160 Wh pamafunika chilolezo cha kampani, ndipo yoposa apo silowa. Pa pawabanki zambiri pamalembedwa mAh, ndiye werengerani motere: Wh = mAh × 3.7 ÷ 1000. Ya 20,000 mAh ikukwana 74 Wh, ilowa. Ya 30,000 mAh ikukwana 111 Wh, yapitirira. Yofufutika zilembo akhoza kuikana chifukwa palibe chowatsimikizira. Makampani ena ayambanso kuletsa kutchajira foni pa pawabanki ndege ili m'mwamba.

Chizolowezi cha kuzima kwa magetsi chimatichititsa kunyamula yaikulu. Pa ulendo wa msonkhano, ya 10,000 mAh ndi yokwana, ndipo imalemera theka la ya 20,000.

Chimene simuyenera kuiwala ndi adaputa. Mapulagi athu a mano atatu afulati salowa m'masoketi ambiri a ku South Africa, amene ndi a mano atatu obulungira, akuluakulu. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, ndiye adaputa imodzi basi, foni muzitchajira pa laputopu kapena mosinthana. Ekisitenshoni isiyeni.

Akuti ndege ikakhala yaing'ono amatenga chikwama pakhomo. Zikatero?

Zimachitika. Ndege zina za m'chigawo chino, monga Q400 ya mapulopela kapena ma Embraer ang'onoang'ono, zili ndi mashelefu opapatiza, ndipo ngakhale pa ndege yaikulu malo amatha ikadzaza. Amamata kapepala pa chikwama n'kuchitsitsira pansi. Pena mumachilandira pa masitepe potsika, pena chimakatulukira pa lamba ndi katundu wina, ndiye funsani pomwepo kuti mukachipeza kuti.

Panthawiyo simukhala ndi mpata wofukula chikwama, anthu ali kumbuyo kwanu. Choncho pasipoti, ndalama, mankhwala, laputopu ndi pawabanki zikhale pamodzi pamwamba, m'kathumba kansalu kongosolola kamodzi. Chikwama chobereka chofewa sachitenga kawirikawiri, chifukwa chimakanikizika pa shelefu kapena pansi pa mpando.

Achibale amva kuti ndikupita ku Joni. Kwabwera ufa, usipa, mpunga wa Kilombero ndi tsabola. Ndiwakane bwanji?

Funso ili ndi lovuta kuposa onse, ndipo sindilitenga mopepuka. Pafupifupi banja lililonse lili ndi mwana kapena mlongo kumeneko, ndipo mayi amene wasinja ufa woti mwana wake akalawe nsima ya kwawo sakukupatsani katundu chabe. Koma masamu ake ndi awa: m'chikwama mwatsala magalamu 300. Paketi imodzi ya mpunga ndi kilogalamu.

Zina zimagwa zokha pa lamulo. Chiponde, uchi ndi botolo la tsabola wamadzi zimapitirira mamililita 100. Nyama, zipatso zaziwisi, mbewu ndi zomera zili ndi malamulo a zaulimi a dziko limene mukulowa, ndipo zina zimafuna chilolezo. Usipa, ngakhale mutaukulunga katatu, fungo lake limalowa m'malaya a msonkhano ndi m'ndege monse.

Nenani msanga, tsiku lomwe tikiti yatuluka, anthu asanapite kuchigayo. Musanene kuti "ndiona", chifukwa amamva ngati mwavomera. Ine ndimati: "Azakhali, ulendo uno sindikutenga sutikesi, ndangololedwa kachikwama aka. Ndipatseni kanthu kakang'ono kolowa m'thumba la jekete, zinazo titumize pa basi." Mabasi opita ku Joni amanyamuka sabata iliyonse ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ndipo alipo anthu amene ntchito yawo ndi yonyamula katundu wotere. Kapaketi ka tiyi wa ku Thyolo, kambuzi wouma wosinja, kalata kapena zithunzi za ana zimafika ndi uthenga womwewo.

Pali chimodzi chimene sindigonja nacho kwa wina aliyense, ngakhale wamkulu bwanji: phukusi lomata kale sindinyamula. Litsegulidwe pamaso panga, ndione chilichonse. Chopezeka m'chikwama chanu pa bwalo la ndege ndi chanu, ndipo mawu oti "anangondipatsira" sakutulutsani m'manja mwa apolisi.

Ndayeza kunyumba, chikulemera makilogalamu 9. Ndichotse ziti?

Ngati mulibe sikelo yopachika, kwerani pa sikelo ya anthu muli nokha, kweraninso mutanyamula chikwama, n'kuchotsera. Chitani zimenezi kutatsala masiku awiri, osati m'mawa wa ulendo galimoto ikulira panja.

Khutulani zonse pa bedi. Musayambe ndi masokosi, mungachotse mapeya atatu osafika magalamu 200. Yambani ndi zolemera: nsapato zachiwiri, jinzi, thaulo, buku lalikulu, mabotolo. Nsapato, jinzi ndi thaulo pazokha zimakwana makilogalamu awiri amene mukufunawo. Mapepala a msonkhano ajambuleni pa foni, kusiya kalata yokuitanani, tikiti yobwerera ndi pepala la kogona, zimene a zolowa ndi kutuluka akhoza kufunsa.

Pa zotsalazo, gwirani chimodzichimodzi n'kudzifunsa kuti chikapanda kupita, chichitike n'chiyani. Mankhwala, magalasi a maso, pasipoti ndi chaja cha laputopu zikatsala, ulendo wasokonekera. Ambulera, malaya owonjezera pa anayi aja ndi zovala zothamangira zikatsala, palibe chichitike, makamaka ngati kunyumba komwe simuthamanga. Chilichonse chimene mukuchiteteza ndi mawu oti "mwina ndikachifuna" n'chotsala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tikiti yanga ili kale ndi katundu wa pansi waulere. Ndivutikirenji?

Nthawi zina palibe chifukwa. Ngati ndege ndi imodzi yolunjika, mukupita ku ukwati kapena ku maliro, muli ndi mwana wamng'ono, kapena cholinga n'kukaoda katundu, tengani sutikesi ndi mtima umodzi. Chikwama cha m'manja chimapindula pamene mukusintha ndege ndi nthawi yochepa, pamene msonkhano ukuyamba m'mawa mwake moti simungadikire katundu wochedwa, kapena mukupitirira ku Cape Town kapena ku Durban pa tikiti yotchipa imene sutikesi amalipiritsa padera.

Nanga pobwerera? Ana akudikira.

Konzekerani kubwerera musanapite. Zodzola ndi sopo zikhala zatha, mwapeza magalamu 300. Ku msonkhano akupatsani chikwama, tisheti, botolo ndi mulu wa mapepala. Tengani satifiketi ndi tisheti, mapepalawo ajambuleni, zinazo apatseni ogwira ntchito pamalopo akazifuna. Anthu ena amapita dala ndi masilipasi ndi tisheti zakutha zoti akazisiye komweko.

Mukatero muli ndi malo a pafupifupi kilogalamu imodzi: chokoleti, tizovala ta ana tiwiri, sikafu ya amayi. Mukaona kuti zogula zikula, pindirani pansi pa chikwama thumba lansalu lopepuka lokhala ndi zipi kuyambira ku Lilongwe. Pobwera mulongedzemo zovala zakuda ndi mabotolo alionse opitirira mamililita 100 amene mwagula, mulipereke ngati katundu wa pansi, ndipo laputopu, mankhwala ndi mphatso zosweka zikhale kumsana kwanu. Thumba la zochapa likachedwa tsiku limodzi, mudzalidikira muli kunyumba.